Akukwezani, koma ku Mzuzu: musanasaine, funsani kuti "mpaka liti?"

Kalata yokweza munthu pa ntchito ikabwera ndi mawu oti akagwirire ku boma lina, pakhomo pamagwa chisangalalo ndi nkhawa tsiku limodzi. Achibale amamva za udindo ndi malipiro, n'kuyamba kuimba foni zoyamikira. Amene amagona m'nyumbamo ndi amene amamva za mtunda. Ambiri amene ndawaonapo atafika pamenepa amakangana ngati nkhani ndi yosankha pakati pa ndalama ndi banja, wina akuti "mwayi subwera kawiri", mnzake akuti "ana akufunika bambo awo". Onse akunena zoona, n'chifukwa chake mkanganowo sutha. Ine ndikuona kuti chimene chimagamula nkhaniyi ndi zinthu ziwiri zimene kalatayo nthawi zambiri sinena: kupatukanako kudzatha liti, ndipo katundu wa nyumba ziwiri adzasenza ndani.

Titenge chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho. Tiyerekeze bambo wina wowerengera ndalama pa kampani ina ku Blantyre, amalandira K700,000 pa mwezi msonkho usanadulidwe. Amakhala ku Chilomoni m'nyumba ya lendi. Mkazi wake ndi mphunzitsi wa pulayimale, mwana woyamba ali Folomu 3, wachiwiri ali Sitandade 8, chitsiriza ali ku mkaka. Amukweza kukhala woyang'anira nthambi ya ku Mzuzu, malipiro K1,000,000. Manambalawa ndi oyerekeza, aliyense aikepo ake, koma kawerengedwe kake n'komweko.

Pakamwa pa anthu pamamveka kuti wawonjezeredwa K300,000. Ndalama imeneyo siifika yonse m'thumba. Pa mlingo wa msonkho wa pa malipiro umene unayamba mu Epulo 2024, K150,000 yoyambirira inali yosadulidwa, gawo lotsatira mpaka K500,000 limadulidwa 25 pa 100 iliyonse, ndipo kuchoka pamenepo mpaka K2,550,000 limadulidwa 30 pa 100 iliyonse. Mlingowu boma limausintha, choncho munthu afunse umene ulipo chaka chimenecho, koma mfundo yake sisintha: ndalama yowonjezera imagwera pamwamba, pamene msonkho umaluma kwambiri. Kwa bambo wathuyu, K90,000 yapita ku msonkho. Ina K15,000 yapita ku penshoni, chifukwa wantchito amasonkha 5 pa 100 iliyonse ya malipiro ake. Yotsala ndi pafupifupi K195,000.

Tsopano afike ku Mzuzu. Akufuna nyumba, ngakhale ya zipinda ziwiri ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa. Tinene K120,000 pa mwezi, ndipo eni nyumba ambiri amafuna ya miyezi itatu munthu asanalowe. Madzi, magetsi ndi makala, tinene K40,000. Chakudya K90,000, ndipo apa anthu ambiri amadzinamiza poganiza kuti ku Chilomoni ndalama ya ndiwo itsika chifukwa pachoka munthu mmodzi. Siitsika kwenikweni. Mphika wa anthu asanu ukasanduka wa anthu anayi makala amayaka omwewo, mafuta ophikira amatha chimodzimodzi, pamene kwinako munthu mmodzi akugula chilichonse pang'onopang'ono pa mtengo wokwera, mwinanso akudya ku lesitilanti chifukwa waweruka mochedwa. Basi yopita ndi kubwera kamodzi pa mwezi, pamodzi ndi kakatundu koti asafike kwawo chimanjamanja, tinene K100,000. Zonse pamodzi K350,000. Munthu amene anzake akumuitana kuti "bwana" tsopano akuperewera K155,000 mwezi uliwonse poyerekeza ndi mmene analili asanakwezedwe. Sitinawerengere matiresi, mapoto, mbaula ndi makatani a nyumba yachiwiriyo, ndiponso juzi yokhuthala, poti Mzuzu mu Juni ndi Julaye amazizira.

Apa mpamene pamayambira ngongole zambiri za anthu okwezedwa. Udindo umabwera ndi maso a anthu. Kumudzi amva kuti zinthu zasintha, ndiye feteleza wa malume, fizi ya mwana wa achemwali ndi bokosi la maliro zonse zalunjika kwa iye. Iye sangathe kufotokozera aliyense za msonkho. Amatenga ngongole ya pa malipiro, mayi akatenganso ku banki m'khonde, ndipo pakutha pa chaka mmodzi wa iwo wagogoda kale kwa wakatapila. Chizindikiro choti zinthu zayamba kupendekeka n'chosavuta kuona: ulendo wa mwezi ndi mwezi uja umayamba kudumphidwa. "Mwezi uno sindibwera, ndingotumiza pa foni ndalama ya basiyo muguleko ufa." Kunena kwake n'kwanzeru, ndipo mayi amavomera chifukwa ufawo ukufunikadi. Mwezi wotsatira zimakhala zosavuta kunenanso.

Koma kuwerengera kumeneku kumatembenuka ndi zinthu ziwiri zokha. Kampani ikapereka nyumba, kapena ndalama ya nyumba yokwanira, K120,000 ija yachoka, mwina ndi madzi ndi magetsi omwe. Ikamalipira ulendo umodzi pa mwezi, kapena ngati ntchito yake imamubweretsa ku likulu la kampani ku misonkhano, K100,000 inanso yachoka. Pamenepo munthu watsala ndi phindu looneka. Ndiye kuti nkhani ya nyumba ndi mayendedwe ndi yaikulu kuposa nambala ya malipiro, komabe ndi imene anthu amachita nayo manyazi kufunsa, poopa kuoneka osayamika. Manyazi amenewa amadula kwambiri.

Tsono ndisaoneke ngati ndikuti munthu akane. Mbali ya kuvomera ili ndi mphamvu zake, ndipo amene amailalikira sakhala adyera. Malipiro amene mwakwerapo lero ndi amene adzakhale poyambira zonse za mtsogolo. Ndalama zikamakwezedwa pa chaka potengera 100 iliyonse, wa K1,000,000 amapita patsogolo msanga kuposa wa K700,000, ndipo mpata pakati pawo umakulirakulira. Ku penshoni, lamulo limene linakhazikitsidwa mu 2011 linati olemba ntchito azisonkha 10 pa 100 iliyonse, wantchito 5. Pa K300,000 yowonjezera ija ndiye kuti K45,000 ikulowa m'thumba la ukalamba mwezi uliwonse, K30,000 mwa imeneyo yochokera kwa kampani. Sizioneka pa msika wa lero, koma zilipo. Ndipo kampani ina ikadzafuna kumulemba, idzafunsa udindo umene anali nawo ndi malipiro amene ankalandira. Amene anayendetsapo nthambi payekha amalowa m'chipinda cha mafunso ndi nkhani yoti anene.

Palinso china. Kukhala pamalo amodzi sikutanthauza kuti zinthu zikhala mmene zilili. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 mu Novembala 2023. Amene anakana kukwezedwa zaka zimenezo pofuna kusunga mtendere wa pakhomo anadzapeza kuti K700,000 yake yafota ili m'manja, ndipo mtendere umene ankauteteza uja unasokonezedwa ndi mtengo wa shuga ndi fizi. Umphawi nawo umapasula mabanja, mwina kuposa mtunda. Komanso mabwana amakumbukira. Sanena poyera, koma dzina la munthu amene anakana limatsika pa mndandanda, ndipo pakapita zaka zitatu amene ankamuphunzitsa ntchito ndi amene akumusainira fomu ya tchuthi. M'boma nkhaniyi ndi yolimba kwambiri: mipata ya kukwezedwa imatuluka patalipatali, aphunzitsi ambiri amakhala pa giredi imodzi zaka zochuluka, ndipo kutumizidwa kwina sikukhala pempho. Wogwira ntchito m'boma, kupolisi kapena ku usilikali amavomera pa tsiku lolembedwa kuti akagwira kulikonse kumene angatumidwe. M'makampani ambiri mawu otero amakhalanso m'mgwirizano wa ntchito. Munthu asanayankhe kuti ayi, atulutse mgwirizano wake aone ngati akukana kukwezedwa kokha kapena akukana lamulo.

Ndiye mbali zonse n'zolemera. Chimene chimazisiyanitsa ndi mtunda ndi nthawi, ndipo mtunda tisamauyese ndi makilomita okha. Wa ku Blantyre akatumizidwa ku Zomba, pamtunda wosakwana makilomita 70, banja silinapatukane. Ena amayenda tsiku ndi tsiku, ena amagona komweko pakati pa sabata. Akatumizidwa ku Lilongwe, makilomita opitirira pang'ono 300 kudzera pa Zalewa, ndi moyo wa basi ya Lachisanu madzulo ndi ya Lamulungu masana, moyo umene anthu ambiri a m'boma anaudziwa likulu litasamuka ku Zomba mu 1975, ndiponso maofesi ambiri amene anatsalira kummwera atakokeredwa ku Lilongwe m'zaka za Bingu wa Mutharika kuyambira mu 2004. Ndi wotopetsa, koma mwana akadwala usiku bambo amafika kusanade tsiku lotsatira. Mzuzu ndi nkhani ina. Kuchokera ku Blantyre ndi makilomita opitirira 600, kaya mudzere ku Lilongwe ndi Kasungu, kaya mutsate nyanja kudzera ku Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay. Munthu amakwera Lachisanu usiku, amafika Loweruka m'mawa maso ali psuu, amagona mpaka masana, Lamulungu akatuluka m'tchalitchi wayamba kale kulongedza. Mafuta akasowa m'dziko, monga zakhala zikuchitikira zaka zapitazi, ngakhale ulendo umenewo sudalirika. Wotumizidwa ku Karonga, atatsikanso mapiri a Chiweta, asadzinamize n'komwe za mapeto a sabata.

Tiwerenge masiku. Maulendo 12 a masiku awiriawiri ndi masiku 24. Tchuthi chochepetsetsa chimene lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limapereka kwa wogwira masiku asanu pa sabata ndi masiku 15 a ntchito, omwe ndi masabata atatu. Zonse pamodzi sizifika masiku 50 pa chaka. Mwana wa Folomu 3 uja akamadzalemba MSCE adzakhala ataona bambo ake masiku osakwana 100 m'zaka ziwiri zimene mnyamata amasankha anzake oyenda nawo. Masiku ena onsewo mayi ndi amene akudzuka usiku mwana akatentha thupi, ndi amene akupita ku msonkhano wa makolo, kukangana ndi eni nyumba, kugona pa maliro a kuchimuna m'malo mwa mwamuna wake, kwinaku akulemba mapulani a phunziro la mawa. Kukwezedwa kwa bambo kwakhala kuwonjezeredwa ntchito kwa mayi, popanda kalata, popanda malipiro. Ndimadabwa kuti pa zokambirana zambiri za nkhaniyi munthu ameneyu amauzidwa zinthu zitatha kale, ngati kuti ndi chilengezo.

Wina adzati, bwanji osangosamuka onse? Nthawi zina ndiyo njira yabwino, koma ili ndi mfundo zake zomangika. Mwana wa Sitandade 8 analembetsa kale mayeso a MANEB pa sukulu imene ali, ndipo kumusuntha pakati pa chaka n'kumusokoneza pa nthawi imene akulimbirana malo ku sekondale. Chaka cha sukulu chimayamba mu Sepitembala, choncho nthawi yabwino yosamutsa ana ndi tchuthi chachikulu, osati Febuluwale chifukwa choti kalata yatuluka mu Febuluwale. Mayi mphunzitsi akhoza kupempha kusamutsidwa potsatira mwamuna wake, ndipo njira imeneyi ilipo n'kale, koma imadikira kuti kumeneko kupezeke malo, ndipo sukulu za m'tauni nthawi zambiri zimakhala zodzaza kale ndi aphunzitsi. Akanakhala wa geni zikanavuta koposa. Wogulitsa zitenje kapena nsomba mumsika wa Limbe chuma chake ndi makasitomala amene akhala akumudziwa zaka khumi, ndi anthu amene amamupatsa katundu pa ngongole; zimenezi sizikwera lole. Ndipo kwa mabanja ambiri a kummwera ndi pakati, kumene munda umayenda kuchikazi, kamunda ka mayi ku Chiradzulu kapena ku Thyolo n'kamene kamadyetsa banja chimanga theka la chaka. Akapita ku Mzuzu kamundako kamasiyidwa m'manja mwa achibale, matumba aja amasiya kubwera.

Nkhaniyi imasintha nkhope wokwezedwayo akakhala mayi. Bambo akapita yekha, anthu amati wapita kukasaka. Mayi akapita yekha, apongozi amafunsa kuti ana awasiyira ndani, anzake a mwamuna amamuseka kuti akulamulidwa, ndipo ankhoswe amaitanidwa pa nkhani imene kwa bambo ikanathera pa kuyamikira. Amayi ambiri aluso, anamwino, a m'mabanki, aphunzitsi oyenera kukhala ahedi, akana maudindo mwakachetechete chifukwa cha zimenezi, ndipo pambuyo pake timadandaula kuti m'maudindo akuluakulu amayi ndi ochepa. Ngati banja likuwerengera moona mtima, liwerengere mofanana: amene ntchito yake ili ndi tsogolo lalikulu ndi amene atsatidwe, kaya ndi bambo kaya ndi mayi. Ndaonapo abambo amene anatsala ndi ana, kuphunzira kumanga tsitsi la mwana wamkazi ndi kusita yunifolomu, ndipo mabanja amenewo sanagwe.

Pali nkhani imene anthu amainong'ona, koma iyenera kunenedwa. Munthu wokhala yekha m'tauni yachilendo, ali ndi udindo ndi kandalama, madzulo ake ndi aatali. Poyamba pamabwera wothandiza kuchapa ndi kuphika, kapena anzake a kumowa amene amamudziwitsa malo. Mabanja ambiri achiwiri anayamba chonchi, osati ndi munthu woipa mtima koma ndi munthu wosungulumwa amene sankadziwa tsiku lobwerera kwawo. Otsala kunyumba nawo ndi anthu a magazi. M'dziko limene laika m'manda anthu ochuluka chifukwa cha Edzi, ndi kusasamala kukamba za kupatukana kwa zaka zambiri ngati nkhani ya basi ndi lendi basi. Sindikunena kuti aliyense wopita kutali amagwa. Ndikunena kuti kupirira kumafuna malire ooneka. Munthu amatha kudzigwira akamadziwa kuti kwatsala miyezi 14. Kudzigwira kosadziwa mapeto n'kovuta kwa wina aliyense.

Agogo athu anazidziwa zimenezi pa nthawi ya Theba ndi Wenela. Amuna ankapita ku migodi ya ku Joni pa mgwirizano wa nthawi yodziwika, ndipo gawo la malipiro awo linkasungidwa kuti adzalandirire kuno kumudzi. Dongosololi linali ndi nkhanza zake zambiri, ndipo Kamuzu Banda analiimitsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Koma mkazi wotsala ankadziwa chaka chimene mwamuna wake adzatsike ndi sutikesi. Amene ankapita paokha, opanda tsiku lobwerera, ndi amene ambiri a iwo anasanduka matchona. Wokwezedwa wa lero amanyamuka ndi foni m'thumba ndipo ndalama amatumiza m'kanthawi kochepa, komabe kalata yake nthawi zambiri imakhala yopanda chinthu chimene wa ku mgodi anali nacho, tsiku lomaliza.

N'chifukwa chake ndikuti bambo wa ku Chilomoni uja asayankhe inde kapena ayi tsiku lomwelo. Apemphe sabata imodzi. Akhale pansi ndi mayi a kunyumba, pepala ndi cholembera, awerengere monga tachitira pano, mayiwo anene okha ngati angathe kusenza zimene zikubwerazo ndi thandizo limene angafune, kaya ndi wantchito wa pakhomo kaya m'bale wodzakhala nawo, ndipo mtengo wake ulowe m'chiwerengerocho. Kenako abwerere kwa abwana ndi mafunso ochepa, mwaulemu koma mosazungulira. "Bwana, ndathokoza kwambiri chifukwa chondikhulupirira. Ndimafuna ndimve za nyumba kumeneko, ndi za galimoto yonyamula katundu. Komanso ngati n'kotheka, tigwirizane kuti pakatha zaka ziwiri tidzaonenso, kaya ndibwerere kuno, kaya mundithandize kusamutsa banja." Bwana wanzeru sakhumudwa ndi mafunso otere, chifukwa iyenso safuna woyang'anira nthambi amene Lachisanu lililonse mtima uli pa depoti. Afunsenso ngati udindowo ndi wokhazikika kapena wongogwirizira, ndi chimene chidzachitike akapanda kukhoza pa miyezi yoyesedwa: kodi mpando wake wakale udzakhalapo? Anthu ena anasiya nyumba, kusamutsa ana, n'kudzamva patatha miyezi isanu ndi umodzi kuti mwini udindo wabwerako kusukulu. Mayankho onse alembedwe. Lonjezo la pakamwa limachoka limodzi ndi bwana amene analipereka, ndipo mabwana nawonso amasamutsidwa.

Kwa banja limeneli, chigamulo changa n'chotere. Kampani ikapereka nyumba n'kulemba za zaka ziwiri, apite. Wa Sitandade 8 alembe mayeso ake pamene ali, wa Folomu 3 amalize Folomu 4 pa sukulu yomweyo, mayi apereke pempho la kusamutsidwa msanga poti limatenga nthawi, ndipo ndalama ya basi ikhale yoyamba kupatulidwa malipiro akangolowa, isanakhudzidwe ndi pempho la wina aliyense. Zaka ziwiri zotero n'zowawa koma zimapiririka, ndipo zimene adzapeze pambuyo pake n'zenizeni. Kampani ikakana nyumba, n'kukananso kunena za nthawi, ndiye kuti ikumupempha kuti alipire K155,000 pa mwezi ndi ubwana wa ana ake pogula dzina la udindo. Pamenepo akane, koma akane bwino: alembe kalata yothokoza, afotokoze chifukwa, anene poyera kuti mpata wina ukadzapezeka ku Blantyre, ku Zomba kapena ku Lilongwe ali wokonzeka, ndipo nthawi imene wapulumutsayo aigwiritse ntchito kuwonjezera maphunziro ake kuti kukanako kusakhale kutseka chitseko.

Olemba anthu ntchito nawo ali ndi gawo lawo, ndipo si lodula. Kalendala ya sukulu imadziwika chaka chisanayambe, koma makalata osamutsa anthu amatuluka mwezi uliwonse, ena opereka masabata awiri okha kuti munthu akhale atafika. Inu amene mumasaina makalata amenewa, kaya m'makampani, m'mabungwe kapena ku Capital Hill, atulutseni mu Meyi kapena Juni kuti mabanja asamuke ana atatsekera, lembanimo za nyumba, ndipo lembanimo zaka.